Tsiku limene ndinakana kubwereka msuweni wanga ndalama osanena "tiona"

Uthenga unalowa nthawi ya 9:40 usiku, Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala, ndili pakhonde kuchonga makope a ana a Sitandade 7 chifukwa m'nyumba munali kutentha kosakhalika. Unachokera kwa msuweni wanga, mwana wa malume, amene amakhala kwathu ku Mulanje, kufupi ndi Chitakale. Ine ndimaphunzitsa kuno ku Luchenza. Unali waufupi: "Achemwali mwaswera bwanji? Ana ali bwanji kumeneko?"

Mtima wanga unagunda ndisanafike n'komwe pa nkhani ya ndalama. Munthu ameneyu sananditchulepo achemwali chibadwire. Kwathu chisuweni ndi chisuweni ndithu, timanyozana, timalandana ndiwo m'mbale, ndipo iye pa WhatsApp amayamba ndi "akazi anga muli moyo?" kenako n'kutumiza chithunzi cha mbewa zowamba kuti andikhumbize. Ndiye usiku umenewo kundipatsa ulemu wonsewo, kufunsa za ana mwadongosolo ngati mlendo, ndinadziwiratu kuti pali chimene chamulemera.

Pansi pake panali uthenga wina umene anaufufuta, pongotsala mawu aja akuti This message was deleted. Patatha mphindi khumi ndi imodzi m'pamene panabwera weniweniwo:

"Pepani kukuvutitsani usiku. Njinga yandifera injini, amakanika akuti pakufunika K150,000 ya pisitoni, maring'i ndi ntchito yawo. Ngati mungathe mundibwereke, ndibweza Disembala ntchito ya tiyi ikayamba. Ngati simungathe palibe vuto. Chonde musawauze amayi anu."

Sindinayankhe usiku umenewo. Ndinauwerenga kangapo, ndipo zimene ndinaona m'menemo ndi zimene zinandiuza kayankhidwe. Anthu ambiri tikalandira uthenga wopempha ndalama maso athu amathamangira pa nambala, K150,000, n'kuyamba kupsa mtima kapena kuda nkhawa. Koma nambalayo imangokuuza ngati ungathe kapena ayi. Mmene ukanire umauzidwa ndi mawu ozungulira nambalayo.

Choyamba chimene ndinafuna kutsimikiza n'chakuti walemba ndi iyeyo. Masiku ano aliyense amene ali ndi foni analandirapo uthenga wa akuba wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo ena amatha kulowa pa WhatsApp ya m'bale wako n'kumapempha m'dzina lake. Kusintha kwa kalankhulidwe ngati kumeneku, munthu wa nthabwala kusanduka waulemu mwadzidzidzi, kumatha kukhala chizindikiro cha zimenezo. Koma wakuba amakhala ndi changu. Amakupatsa nambala yachilendo ya Airtel Money kapena Mpamba, amati foni yake yawonongeka usamuimbire, amafuna ndalamayo pompano. Uthenga uwu unalibe nambala yotumizira, unalibe "pompano", ndipo unatchula zinthu zimene ndimazidziwa: njinga yamoto yofiira ija imene amachitira kabaza pakati pa Chitakale ndi Limbuli, imene inkatulutsa utsi wambiri nditakwera mu Ogasiti. Komanso wakuba salemba kuti ngati simungathe palibe vuto.

Nditakhutira kuti ndi iye, ndinakwera m'mwamba mwa macheza athu kufika chaka chathachi. Ichi ndimalangiza aliyense kuti achite asanayankhe, chifukwa uthenga umodzi sungakuuze zambiri pawokha. Pali m'bale amene macheza anu onse ndi moni wotsatana ndi pempho, moni wotsatana ndi pempho, ndipo ukatumiza sabweranso kudzanena kuti yafika. Pali wina amene amayamba ndi kukukumbutsa zimene makolo ake anakuchitira uli mwana, ndipo pempho lake limamveka ngati akutolera ngongole. Msuweni wangayu m'chaka chonse anali asanapemphepo kanthu kupatula bandulo ya K500 tsiku lina, imenenso anabweza ndi nanazi ziwiri. Munali nthabwala, zithunzi za ana, uthenga wa maliro a m'mudzi, ndi voisi zambirimbiri. Apa mpamene ndinaona chinthu china: iyeyu salemba, amajambula mawu. Kulemba kumamuchedwetsa. Koma pempho ili analilemba, analifufuta, n'kulilembanso. Munthu amene amasankha kulemba chimene akanatha kuchinena ndiye kuti sakufuna kuti umve mmene mawu ake akunjenjemera, kapena sakufuna kuti mkazi wake amene wagona pafupi amve.

Ndiye ndinamva kuti uthengawu ndi wa munthu wa manyazi. Si wa munthu wondilamula, ndipo si wa munthu amene moyo uli pachiswe. Kusiyanitsa zitatuzi n'kofunika kwambiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya malume, msuweni yemweyu anaimba foni m'bandakucha, opanda moni, n'kungoti "nyumba yagwa, tili kusukulu." Uthenga wa ngozi umakhala wotero, ulibe ulemu ulibe pepani, ndipo tsiku limenelo sindinawerengere kanthu, ndinakongola kwa aphunzitsi anzanga n'kutumiza. Akanati mwana wagonekedwa kuchipatala kapena pagwa maliro, nkhani ino sindikanailemba. Koma njinga kufa injini ndi vuto lenileni limene silipha munthu usiku womwewo. Limapereka mpata woganiza.

Ndipo vutolo ndinalimvetsa. Amene anakulira mphepete mwa minda ya tiyi amadziwa mmene chaka chimayendera kwathu. Mvula ikagwa tiyi amaphuka, maesiteti amalemba anthu ambiri othyola, ndipo kuyambira cha mu Disembala mpaka dzinja litatha m'nyumba zambiri mumalowa kandalama. Chilimwe chikafika masamba amachepa, aganyu ambiri amaimitsidwa. Okutobala ndiye pakati penipeni pa chilala cha m'thumba: tiyi kulibe, nandolo wagulitsidwa kale, ndipo aliyense akusaka feteleza ndi mbewu mvula isanagwe. Njinga ija ndi imene inkagula ufa, sopo ndi ndiwo miyezi imeneyi. Lonjezo lake la Disembala silinali bodza, ndi nthawi yokhayo imene akanapezadi ndalama.

M'mawa mwake ndisanapite kusukulu ndinatenga kope n'kulemba zanga. Malipiro a Seputembala anali atatsala K38,000 yoti itifikitse kumapeto a mwezi, ine ndi ana awiri. Padera ndinali nditasunga K120,000 ya feteleza wa munda wa amayi, imenenso inali isanakwane, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu za m'sitolo sizinabwererenso m'mbuyo. Ku banki nkhonde yathu ndinali ndi ngongole yoti ndimalize Novembala asanathe, ndipo gulu lathu limasiya kubwereketsa nthawi imeneyi pokonzekera kugawana mu Disembala. Panalibe poti nditenge K150,000 popanda kulanda amayi chimanga cha chaka chamawa. Mvula sidikira kuti msuweni abweze. Feteleza wokulitsa akachedwa milungu itatu, chimanga chimakhala chafiira kale masamba, ndipo ndalama yobwera kumapeto kwa Disembala siichiritsa.

Yankho linali ayi. Chotsala chinali mmene ndinenere.

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Mwambiwu ndinakula nawo ndipo ndimaulemekeza: sumuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti sindikupatsa, umapeza njira yoti amvetse yekha popanda kuchita manyazi. Pamaso m'pamaso zimatheka, chifukwa munthu amaona nkhope yako, amamva mmene wapumira, ndipo amadziwa kuti nsalu yaviikidwa dala. Koma pa foni nkhope palibe. Pamatsala mawu okha, ndipo mawu amene timaviikira nsalu masiku ano ndi "tiona", "ndikuuzani", "tidikire mwezi uthe". Munthu wopanikizika akawerenga "tiona" samva kukana. Amamva theka la lonjezo, ndipo amayamba kumangapo.

Ndinaziphunzira mowawa. Zaka zingapo zapitazo amayi aang'ono anandipempha K40,000 yoti amalizire malata a khitchini. Ndinalibe, koma pakamwa panalemera, ndiye ndinalemba kuti tiona mwezi ukatha. Iwo anapita kwa wakatapila tsiku lotsatira, n'kutenga ndalamayo podalira ine, pa mgwirizano woti mwezi ukatha abweza ndi theka lake pamwamba. Mwezi unatha, ine ndinalibe monga ndinkadziwira kuyambira pachiyambi, ndipo anagulitsa mbuzi kuti apeze K60,000. Titakumana sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, ukanangondiuza kuti ulibe." Mawu amenewo sandichoka. Ulemu wanga wa tsiku limodzi unawadyera mbuzi.

Msuweni wanganso ndinkamuona akuchita zomwezo: kuuza amakanika kuti yambani kumasula injini, achemwali atumiza pa 28.

Uthenga woyamba umene ndinalemba unali wautali ngati kalata yofunsira ntchito. Ndinaikamo lendi, ngongole ya banki nkhonde, nsapato za mwana, mtengo wa makala, zonse ndi manambala ake. Nditauwerenga ndinaufufuta. Munthu amene wakuuza kale kuti ngati simungathe palibe vuto safuna umboni, ndipo kumuunjikira mavuto ako kumamuchititsa kumva ngati walakwa kupempha, mpaka iye ndi amene amayamba kukupepesa. Palinso china: zifukwa zikachuluka zimatsegula makomo. Ukati ndili ndi ngongole mpaka Novembala, wamuuza kuti abwerenso Disembala. Chifukwa chimodzi choona, chimene iye angachilemekeze, n'chokwanira.

Wachiwiri ndinayesa kubwerera ku chisuweni chathu. Ndinayamba ndi "amuna anga, mwaphanso njinga?" ndi kachithunzi koseka, poganiza kuti ndimupeputsire mtima. Umenewunso ndinaufufuta, ndipo ndikuthokoza kuti sindinautumize. Iye anali atavula nthabwala dala kuti ndione kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Kumuyankha moseka kukanakhala kumuuza kuti sindinamve, kapena kuti ndikuseka umphawi wake. Munthu akabwera atagwada, nawenso umatsika. Nthabwala zidzabwerera zokha iye akadzaziyamba.

Panalinso mzere umodzi umene unkandiyabwa m'zala, wonena kuti njingayo inayamba kalekale kufuka utsi, bwanji simunasinthe oilo msanga. Mwina n'zoona. Koma malangizo ochokera kwa munthu amene sakupereka kanthu amawawa kuposa kukana kwenikweniko. Ndinausiya.

Umene ndinatumiza, nthawi ya 6:50 m'mawa, ndi uwu:

"Asuweni, tadzuka bwino, kaya inu ndi alamu ndi ana. Uthenga wanu ndinauona usiku, pepani ndayankha mochedwa, ndimafuna ndiwerengere kaye bwinobwino. Za njinga zandikhudza, ndikudziwa kuti ndi imene ikudyetsa pakhomo miyezi ino. Koma K150,000 imeneyi sinditha, ndipo ngakhale mwezi ukatha sindikhala nayo, ndiye musandidikire. Yomwe ndinasunga ndi ya feteleza wa amayi. Mwachita bwino kundiuza, ndipo nkhaniyi ithera pa awirife. Ndifunse chimodzi: ufa ulipo kunyumba? Ngati wachepa musachite manyazi, chimanga ndili nacho pang'ono, Loweruka ndikubwera kumudzi."

Ndinamutchula asuweni, osati achimwene, ngakhale iye ananditchula achemwali. Ndinafuna ulemu wa "a" ndi "inu" ukhalepo monga iye anayambira, koma dzina likhale lathu lija, kuti adziwe kuti pempho lake silinasinthe chimene tili. Moni ndinaubweza wonse, mpaka alamu ndi ana, chifukwa kulumpha moni n'kuthamangira ku ndalama kumamveka ngati wakwiya.

Kupepesa kuchedwa kunali kofunika chifukwa cha timizere tiwiri tabuluu tija. Iye anaona kuti ndawerenga 9:52 usiku. Usiku wonse anagona akudziwa kuti ndaona ndipo ndakhala chete, ndipo munthu wa manyazi chete amamumasulira moipa kwambiri. Kuchedwa usiku umodzi kuli ndi ubwino wake, kumasonyeza kuti sunakane mopupuluma, ndipo kumakuteteza ku kulonjeza chifukwa cha chisoni cha pakati pa usiku. Koma kupitirira tsiku limodzi ndi nkhanza. Amene amasiya uthenga wotere masiku atatu, kwinaku akusintha zithunzi pa Status, akhala atayankha kale, ndipo ayankha mwachipongwe.

Mzere umene ndinalimbana nawo kwambiri ndi wakuti "ngakhale mwezi ukatha sindikhala nayo, ndiye musandidikire." Unkaoneka wouma. Ndinayesa kuufewetsa ndi "mwina" ndi "pakadali pano", koma ndinaona kuti mawu awiriwa ndi "tiona" yemwe uja atavala malaya ena. Aliyense amadziwa kuti mphunzitsi amalandira kumapeto a mwezi, ndiye ukapanda kutseka khomo limenelo ndi mawu ako, munthu amaliona lotsegula. "Musandidikire" amamumasula kuti Lachinayi lomwelo ayambe kusaka kwina, akadali ndi masiku. Ndinaikanso "sinditha" m'malo mwa "ndilibe", chifukwa kunena kuti ndilibiretu likanakhala bodza. K120,000 ija inalipo. M'mudzi zinthu sizibisika, akanadzandiona ndikutsitsa thumba la feteleza pa minibasi n'kudziwa kuti ndinamunamiza. Kutchula feteleza wa amayi kunali kunena zoona, komanso ndi chifukwa chimene iye sangachitsutse, poti amayiwo ndi azakhali ake ndipo nsima ya munda umenewo amadya nawo.

Za chinsinsi ndinayankha chifukwa ndi zimene iye ankaopa kwambiri. Ukawerenga bwino uthenga wake, mawu omaliza si a ndalama, ndi akuti chonde musawauze amayi anu. Kwathu malume ndi mwinimbumba, ndipo mwana wawo kumveka kuti akupempha kwa mwana wa mlongo wawo ndi nkhani imene ikanayenda kuchokera ku chitsime mpaka ku tchalitchi. Munthu ukamukana ndalama n'kumusungira ulemu, wam'patsa theka la chimene anapempha. Ndikuilemba pano chifukwa papita nthawi ndipo mwini wake anavomera, bola ndisatchule dzina.

Ena anganene kuti bwanji osangotumiza K10,000 kuti asabwerere chimanjamanja. Ndinaganizirapo. Kupatsa n'kuika, ndipo kangachepe nthawi zina kamathandiza. Koma pa injini ya K150,000, K10,000 sigula kanthu, imangomusiya ndi ngongole ya kuthokoza pa chinthu chimene sichinathetse vuto, ndipo ine ikanandichotsera ndiwo za mlungu wathunthu. Ndalama yotero nthawi zambiri timatumiza kuti tigule mtendere wa mumtima mwathu. Ndinasankha kufunsa za ufa chifukwa ndinkakayika kuti kuseri kwa njingayo kuli njala imene sakanaitchula, ndipo chimanga ndi chimene ndinali nacho chenicheni. Pamenepa pofunika kusamala: usatchule thandizo limene sudzalichita. Ndikanalemba kuti ndikufunsirani kwa anzanga pamene sindifunsa, ndikanabwereza za mbuzi zija.

Ndinenenso kuti uthenga wolemba suyenera aliyense. Akanakhala malume eni ake amene apempha, sindikanayerekeza kuwakana pa WhatsApp. Ndikanakwera minibasi, kudutsa pa Chonde, kukakhala pansi pakhonde pawo ndi kapaketi ka shuga, n'kuwafotokozera pakamwa. Akanakhala kuti msuweniyo anaimba foni, ndikanaimbanso. Munthu umamuyankha pa njira imene wabwerera, kapena yoposerapo ulemu, osati yotsikirapo. Iye anasankha kulemba kuti abise nkhope, ndiye kumuimbira kukanamukakamiza kunena "palibe vuto" ndi mawu amene akanamupereka. Ndipo akanakhala m'bale wa mtundu wina uja, wolamula, wobwerezabwereza, uthenga wanga ukanafupika kwambiri: moni, sinditha, moni kunyumba. Kwa wotero chifukwa chilichonse chimene wapereka chimasanduka poyambira mtsutso.

Timizere tinasanduka tabuluu 7:05. Pamwamba panaoneka typing... kenako n'kuzima, n'kuonekanso, n'kuzimanso. Ndinalowa m'kalasi foni ili m'chikwama, ndipo ndivomere kuti phunziro la masamu la m'mawa umenewo mtima wanga sunali pa bolodi. Chibale ndi fupa sichiola, timatero, koma ndaonapo abale akusiya kulankhulana chifukwa cha ndalama yochepa kuposa imeneyi.

Pa buleki ndinapeza yankho. "Zikomo achemwali pondiuza zoona. Ndamva. Ufa watsala wa masiku awiri."

Mawu omalizawo ndi amene anandigwetsa misozi mu ofesi ya aphunzitsi. Usiku wonse uja analemba za pisitoni ndi maring'i, koma za ufa sakanazinena ndikanapanda kufunsa.

Loweruka ndinapita ndi ndowa ziwiri za chimanga m'thumba, ndinatsikira pa Chitakale n'kukwera kabaza wa munthu wina. Kwa amayi ndinangoti ndikukaona ana a asuweni, zimene zinali zoona. Njinga ndinaipeza itatsamira khoma kuseri kwa nyumba, atayifunditsa chiguduli. Za ndalama sitinatchule. Alamu anaphika nsima ya nandolo, tinadya, ndipo phiri linali litabisika mu utsi wa moto wa tchire monga limachitira mwezi umenewo.

Njingayo inakhala pakhomapo milungu isanu ndi iwiri. Iye anagwira ganyu yoswa mizere m'minda ya anthu, mkazi wake ankaoda nanazi n'kumagulitsa pamsewu, ndipo sindinganame kuti inali nthawi yopepuka kwa iwo. Mwana wawo wamkulu anajomba kusukulu masiku angapo chifukwa cha sopo. Zimenezo ndimazidziwa ndipo zimandiwawabe. Kwa wakatapila sanapite. Mvula itagwa analembedwa kothyola tiyi, ndipo injini anaikonza pang'onopang'ono, pisitoni malipiro oyamba, amakanika malipiro achiwiri.

Mauthenga ake anakhala a "achemwali" mpaka Khirisimasi itadutsa, aafupi, aulemu, ndipo ine sindinamukakamize. Tsiku lina mu Januwale ndikuchokera kusukulu mvula ikuwaza, foni inalira. Inali voisi ya masekondi asanu ndi anayi. Kumbuyo kunkamveka injini ikulira pa mpikisano ndi mvula ya pa malata, ndipo iye akukuwa kuti, "Akazi anga, mwaimva? Loweruka mukatsika pa Chitakale musakwere wina!"